Basi, minibasi kapena Siyenta: kuwerengera mtengo wonse wa ulendo wa Blantyre ndi Lilongwe

Munthu akafuna kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe, funso lake loyamba limakhala la ndalama: ndi zingati? Kondakitala amayankha msanga, ndipo wapaulendo amafanizira yankholo ndi la galimoto ina yomwe yaima pafupi, n'kusankha yotsika. Vuto n'lakuti ndalama imene kondakitala watchula ndi ya mpando wokha. Siyiphatikiza ya katundu, siyinena maola amene munthu akhale akudikira kuti galimoto idzaze, ndipo siyikhudza zimene akawononge akafika mochedwa. Zonsezi zikaikidwa pamodzi, galimoto imene imaoneka yotchipa pa depoti imatha kukhala yodula kuposa zonse, ndipo ina imene munthu anaidutsa n'kukhala yomuyenera.

Msewu wa M1 pakati pa mizinda iwiriyi ndi malo abwino oonerapo nkhaniyi, chifukwa mitundu yonse ya galimoto zonyamula anthu imapezekapo. Ndi ulendo wa makilomita oposa pang'ono 300, wodzera ku Lunzu, Zalewa, Chingeni, Ntcheu, Lizulu ndi Dedza. Pali mabasi a makochi onyamuka pa nthawi yoikika, amene tikiti yake munthu amagula ku ofesi. Pali mabasi akuluakulu wamba amene amadikira anthu pa depoti monga ya Wenela ndipo amaima m'malo ambiri. Pali maminibasi. Ndiye pali galimoto zing'onozing'ono zokwera mosonkherana, zimene ambiri amangozitchula kuti Siyenta ngakhale zitakhala za mtundu wina.

Chimene chimapanga mtengo wa mpando

Galimoto iliyonse ikamanyamuka imakhala kale ndi ngongole ya ulendowo. Pali mafuta, pali ndalama imene mwini galimoto akuyembekeza madzulo, pali malipiro a dalaivala ndi kondakitala, pali ya oitanira amene adzaza galimotoyo, ndipo pa msewu umenewu pali zipata ziwiri zolipirapo, cha Chingeni ndi cha Kalinyeke ku Dedza. Ngongole yonseyi imagawidwa kwa anthu amene akwera. Choncho mtengo wa mpando umadalira kwambiri kuchuluka kwa anthu amene akugawana ngongoleyo.

Basi yaikulu imanyamula anthu pafupifupi 60. Imamwa mafuta ambiri kuposa minibasi, koma siyimwa kanayi, pomwe anthu ake amachuluka kanayi. N'chifukwa chake mpando wa m'basi wamba nthawi zambiri ndiwo umatsika kuposa yonse pa ulendo wautali. Minibasi, ikatsatira lamulo la anthu atatu pa mpando uliwonse, imanyamula anthu 14 kapena kuposerapo pang'ono. Siyenta ili ndi malo a anthu 7 kuwerengera ndi dalaivala yemwe, ndiye kuti olipira ndi 6 okha. Mafuta ake ndi ochepa, komabe anthu 6 akagawana ngongole ya makilomita 300, aliyense amasenza gawo lalikulu. Kochi ili ndi mipando yambiri ngati basi wamba koma ndi yodula pa chifukwa china: imanyamuka nthawi ikakwana ngakhale mipando ina ili yopanda anthu, ndipo mipando yopanda anthuyo amailipira ndi amene akwera.

Mitengo yonseyi imayenda ndi mtengo wa mafuta, umene amalengeza ndi bungwe la MERA. Mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo mitengo ya maulendo inakwera m'masiku omwewo. Mtengo umene munthu analipira chaka chatha sungamuthandize kwambiri lero. Chimene chimakhalitsa ndi ndondomeko yake: basi wamba pansi, minibasi pamwamba pake pang'ono, Siyenta pamwamba pa minibasi, kochi pamwamba pa zonse.

Palinso kusiyana pa momwe mtengo umakhazikikira. Wa kochi ndi wolembedwa, sumanenerera, ndipo susintha chifukwa chakuti kwagwa mvula. Wa minibasi ndi Siyenta umasinthasintha pa tsiku. M'mawa kwambiri ndi madzulo umakwera, masana anthu akachepa umatsika. Kumapeto kwa mwezi, nthawi yotsegulira sukulu, nyengo ya Khirisimasi ndi masiku amene mafuta asowa, kondakitala satsitsa ngakhale pang'ono chifukwa akudziwa kuti wina akubwera kumbuyo kwanu. Munthu wokwerera m'njira, galimoto ili kale paulendo ndi mipando yopanda anthu, amakhala ndi mphamvu zonenerera kuposa wa pa depoti. Kwa kondakitala, mpando wopanda munthu galimoto ikuyenda ndi ndalama yotayika kale, ndiye chilichonse chimene angalandire ndi phindu.

Katundu amalipira malo amene watenga

Ambiri amaganiza kuti ya katundu imayendera kulemera kwake. Ku makochi ena n'zoona, popeza amatha kupima zikwama ndi kulipiritsa zimene zapitirira muyezo wawo. Koma ku minibasi ndi ku Siyenta, kondakitala akayang'ana thumba lanu amadzifunsa kuti likudya malo a anthu angati. Matiresi ndi opepuka kuposa thumba la simenti, koma amatha kulipira zambiri chifukwa alibe pobisala. Thumba lolowa pansi pa mpando limapita ndi ndalama yochepa, kapena ulere ngati mwanenerera bwino. Thumba lofuna mpando wake limalipira ngati munthu.

Apa ndi pamene basi yaikulu imapambanira kutali. Ili ndi malo a katundu pansi pake, ena ali ndi keriyala pamwamba, ndipo katundu woikidwa kumeneko salanda mpando wa munthu aliyense. Kwa eni basi, ndalama ya katundu ndi yongowonjezera, n'chifukwa chake imakhala yochepa poyerekeza ndi ya mpando. Minibasi ili ndi kampata kakang'ono kumbuyo kwa mpando womaliza. Matumba awiri a mbatata ya kachewere ogulidwa pa Lizulu akalowa pamenepo, chitseko chakumbuyo chimayamba kumangidwa ndi chingwe, ndipo katundu wotsala amalowa m'miyendo ya anthu. Siyenta ndiye yothina kwambiri. Mipando yakumbuyo ikakhala ndi anthu, malo otsala amangokwana zikwama zingapo. Kuti belo la kaunjika lilowe, mipando yakumbuyoyo iyenera kupindidwa, ndipo dalaivala amafuna ndalama ya anthu amene akanakhala pamenepo.

Ya katundu ilibe mtengo wolembedwa pa minibasi, ndipo mkangano wambiri wa m'njira umachokera pamenepa. Zimachitika motere: oitanira amalanda katundu m'manja mwa wapaulendo, kumulonga msanga ndi kumuika pansi pa katundu wa anthu ena, mtengo usanakambidwe. Galimoto ikadutsa Lunzu, kondakitala amatchula ndalama ya katundu imene wafuna. Panthawiyo wapaulendo alibenso pothawira, chifukwa kutsika ndiye kuti atsitse katundu yense pa msewu n'kuyamba kudikira ina. Njira yodzitetezera ndi imodzi yokha, kukambirana ndalama yonse katundu akadali pansi, ndipo kukambirana ndi kondakitala weniweni osati woitanira. Mawu ake ndi achidule: “Akondakitala, ine ndi matumba awiriwa mpaka mu depoti ya Lilongwe, zonse pamodzi zingati?” Akatchula, ndi bwino kubwereza ndalamayo mokweza kuti okhala pafupi amve, popeza iwowo ndiwo adzakhale mboni mtengo ukadzasintha m'njira.

Pa katundu palinso ndalama zing'onozing'ono zimene anthu amaiwala kuwerenga. Wonyamula pa wilibala kuchokera mu msika kufika pa siteji amalipidwa. Wokweza katundu pa keriyala amayembekeza kenakake. Kotsikira nakonso pamafunika wina. Ndalama zimenezi zimabwerezedwa nthawi iliyonse imene munthu wasintha galimoto, ndiye wa katundu wambiri aziona kusintha galimoto ngati mtengo wowonjezera.

Kudikira nako n'kulipira

Kupatula kochi, galimoto zonsezi zimanyamuka zikadzaza. Nthawi yodikira imadalira zinthu ziwiri, kuchuluka kwa mipando yotsala ndi liwiro limene anthu akufikira pa siteji. Tiyerekeze kuti pa siteji pakufika munthu mmodzi wopita ku Lilongwe mphindi 5 zilizonse, ndipo onse akulowa m'galimoto imodzi. Siyenta ya anthu 6 idzaza m'mphindi 30. Minibasi ya anthu 15 idzaza pakatha ola limodzi ndi mphindi 15. Basi ya anthu 60 ingafune maola 5. Zoona zake n'zakuti basi yaikulu imakoka anthu ambiri chifukwa cha kutsika mtengo, ndipo imatha kunyamuka isanadzaze podalira kutola anthu m'njira, komabe chithunzicho sichisintha: mipando ikachuluka, mtengo umatsika ndipo kudikira kumatalika. Zimene munthu wapulumutsa m'thumba amazibweza ndi nthawi yake.

Kudikirako sikugawidwa mofanana. Wolowa woyamba amadikira nthawi yonse, wolowa womaliza sadikira n'komwe, koma onse amalipira chimodzimodzi. Choncho luso lalikulu pa depoti ndi kudziwa kuwerenga mipando yotsala, ndipo pamenepa pali chinyengo chodziwika. Oitanira ena amakhazika anzawo m'galimoto kuti ioneke ngati yatsala pang'ono kudzaza. Wapaulendo weniweni akalowa, mmodzi wa iwo amatsika mwakachetechete. Amadziwika ndi zizindikiro zingapo: alibe katundu aliyense, akhala pafupi ndi khomo, akucheza momasuka ndi anyamata a panja, ndipo sakuoneka kuti kuchedwako kukuwavuta. Kulira kwa injini, kuliza hutala ndi kusuntha galimoto pang'ono kupita kutsogolo n'kubwereranso sizitanthauza kuti ulendo wayandikira. Chizindikiro chodalirika ndi katundu womangidwa kale ndi anthu amene nkhope zawo zatopa ndi kukhala.

Kudikira kwina kumachitika m'njira. Basi wamba ndi minibasi zimaima pa siteji iliyonse pamene pali wotsika kapena wokwera, ndipo pa malo ngati Ntcheu zimatha kukhalitsa pofuna kudzaza mipando ya amene atsika. Pa marodibuloko, monga ya pa Zalewa, galimoto yodzaza katundu imachedwa kuposa yopanda katundu, ndipo ngati wina wanyamula makala opanda chilolezo, onse amachedwera limodzi. Choipa kwambiri ndi pamene minibasi yatsala ndi anthu ochepa pakati pa njira, dalaivala n'kuona kuti kupitirira sikumupindulira. Amasamutsira anthu otsalawo m'galimoto ina, iye n'kutembenuka. Wapaulendo amayambanso kudikira kuti galimoto yachiwiriyo idzaze, katundu wake amatsitsidwa ndi kukwezedwanso, ndipo nthawi zina kondakitala watsopano amafunanso ya katundu ponena kuti mnzake wamupatsa ya mpando yokha. Pofuna kupewa zimenezi, ena salipira ndalama yonse poyambira pa minibasi ya ulendo wautali, ndipo akamasamutsidwa amaonetsetsa kuti makondakitala awiriwo agwirizana za katundu iwo ali pomwepo.

Siyenta imadzaza msanga ndipo siyiima kawirikawiri, chifukwa anthu 6 opita kutali akalowa palibenso wotolera m'njira. Kochi nayo imaima m'malo ochepa. Kusiyana kwake n'kwakuti ndi kochi munthu amadziwa dzulo lake nthawi imene anyamuke, pomwe ndi Siyenta amadziwa akafika pa siteji.

Anthu awiri, ulendo umodzi

Kuti zonsezi zioneke pamodzi, titenge manambala ongoyerekeza. Si mitengo ya pa siteji ya lero, koma asungidwa mu ndondomeko imene tafotokoza, ndipo aliyense angaikepo mitengo imene wauzidwa. Tinene kuti mpando wa m'basi wamba ndi K25,000, wa minibasi K28,000, wa Siyenta K35,000, wa kochi K45,000. Tinenenso kuti kuchokera pofika pa siteji mpaka potsika ku Lilongwe, basi wamba itenga maola 9, awiri odikira ndi 7 a m'njira. Minibasi itenga maola 8, kuwerengera kudikira poyambira ndi kusamutsidwa kamodzi. Siyenta ndi kochi zitenga maola 5 ndi theka iliyonse.

Woyamba ndi mmisiri wa zamagetsi amene wanyamula kachikwama kokha, ndipo wafika pa siteji 10 koloko m'mawa. Akayang'ana mpando wokha, basi wamba ikumupulumutsira K10,000 poyerekeza ndi Siyenta. Koma basiyo ikamufikitsa 7 koloko usiku. Panthawi imeneyo maminibasi opita m'makomboni amakhala atachepa, ndipo munthu wonyamula zipangizo safuna kuyenda mu mdima pafupi ndi depoti. Tinene kuti atenga takisi ya K10,000. Maola 9 sangathe ndi njala, ndiye tiwonjezere K4,000 ya chakudya ndi madzi. Ulendo wa K25,000 wafika pa K39,000. Akanakwera Siyenta akanafika cha m'ma 3 koloko ndi theka masana, n'kukwera minibasi ya m'tauni ya K2,000, zonse pamodzi K37,000. Galimoto yodulayo yamutsikira ndi K2,000, ndipo wafika dzuwa likadalipo.

Mmisiri yemweyo akanafika pa depoti 5 koloko m'mawa, masamu akanatembenuka. Basi yoyamba imadzaza msanga chifukwa anthu ambiri amalawirira, ndipo ngakhale itatenga maola onse 9 ikanamufikitsa 2 koloko masana. Sipakanafunika takisi. K25,000 ya mpando, K4,000 ya chakudya ndi K2,000 ya minibasi zikanakwana K31,000, pansi pa K37,000 ya Siyenta. Ndiye kuti yankho silili mu mtundu wa galimoto wokha. Lili mu ola limene munthu wafika pa siteji ndi ola limene akatsike.

Nanga maola opulumutsidwawo ndi a ndalama zingati? Pa manambala athuwa, K10,000 yowonjezera ikugula maola 3 ndi theka, ndiye kuti ola lililonse likugulidwa pafupifupi K2,900. Ngati mmisiriyo amapeza K30,000 pa tsiku la maola 8, ola lake ndi la K3,750, ndipo kugula ola pa K2,900 n'kwanzeru. Koma masamu amenewa amagwira ntchito pokhapokha ngati maola opulumutsidwawo akagwiritsidwadi ntchito yobweretsa ndalama. Munthu wopita kukaona abale, amene akafika msanga akangokhala pa khonde, sapeza kanthu m'thumba chifukwa chofika msanga. Iyeyo akalipira zambiri ndiye kuti akugula mpumulo wa thupi, chimene si cholakwika, bola adziwe chimene akugula.

Kochi pa chitsanzo chathu ikuposa Siyenta ndi K10,000 popanda kuchepetsa ola lililonse. Chimene ikugulitsa ndi kutsimikizika: nthawi yonyamukira yodziwika, mpando wa munthu mmodzi, tikiti yolembedwa. Kwa wopita ku mayeso a ntchito, ku khoti kapena kukakwera ndege ku Lumbadzi, kuchedwa kamodzi kumawononga zoposa K10,000 kutalitali. Kwa wopanda nthawi yoikika, ndalamayo ikhoza kusungidwa. Wosankha kochi aziwerengeranso kuti imakwerera ndi kutsitsira pa malo ake, amene angakhale kutali ndi siteji ya maminibasi a kwawo, ndiye kufika kumeneko ndi kuchokako kuli ndi mtengo wake.

Wachiwiri ndi mayi wa geni amene wapikula mabelo awiri a kaunjika ku Limbe. Tinene kuti basi wamba ikufuna K4,000 pa belo, minibasi K7,000. M'basi alipira K33,000 zonse pamodzi, m'minibasi K42,000. Kusiyana kwa K3,000 kumene kunalipo pa mpando kwafika pa K9,000, ndipo akasamutsidwa m'njira awonjezera ya okweza. Mu Siyenta mabelo awiriwo apinditsa mipando iwiri yakumbuyo. Dalaivala akafuna ndalama yonse ya mipandoyo, mayiyo alipira K105,000. Ngakhale atanenerera kuti mabelowo alipire theka, ndi K70,000, kuposa kawiri ya basi. Kochi ikhoza kukana katundu wotere kapena kumupima n'kulipiritsa payekha.

Kwa wa geni, nambala yofunika ndi imene belo lililonse lasenza, chifukwa ndiyo imalowa mu mtengo wogulitsira. Ndi mabelo awiri m'basi, lililonse lasenza K16,500. Akanyamula mabelo anayi, ulendo ukwana K41,000 ndipo lililonse lisenza K10,250, popeza mpando wake wagawidwa kwa mabelo ambiri. Ichi n'chifukwa chake ochita malonda amakonda kuyenda kamodzi ndi katundu wambiri m'basi yaikulu kusiyana ndi kuyenda kawirikawiri m'galimoto yaing'ono. Maola 9 sawaopsa kwambiri ngati katunduyo ndi zovala. Akakhala tomato kapena nsomba zaziwisi, nthawi imasanduka gawo la mtengo wa katunduyo, chifukwa maola owonjezera pa dzuwa amatsitsa mtengo wogulitsira, ndipo galimoto yofulumira ikhoza kubweza ndalama yake.

Ulendo ukafupika

Zonse tanenazi ndi za makilomita 300. Pa ulendo waufupi, monga wa Limbe kupita ku Zomba umene suposa makilomita 70, kulemera kwa zinthu kumasintha. Kuyenda kwenikweni ndi kwa ola limodzi ndi pang'ono, ndiye kudikira ola lathunthu kuti minibasi idzaze ndiko kuwirikiza ulendo wonse. Kusiyana kwa mtengo pakati pa minibasi ndi Siyenta kumakhalanso kochepa, chifukwa ngongole yogawana ndi yaing'ono. N'chifukwa chake galimoto zing'onozing'onozi zalanda anthu ambiri m'misewu yaifupi, ndipo eni maminibasi akhala akudandaula nazo. Basi yaikulu pa mtunda wotere imathandiza wokwerera m'njira amene waipeza ikudutsa, osati wokaidikira pa depoti.

Chimene mtengo wotsika umabisa

Dalaivala wa Siyenta ali ndi njira imodzi yotsitsira mtengo popanda kuluza, ndiyo kuwonjezera anthu. Mpando wakutsogolo wa munthu mmodzi umakhala anthu awiri, wapakati wa atatu umakhala anayi. Minibasi nayo imabwerera ku anthu anayi pa mpando ikachoka pamaso pa apolisi. Choncho mtengo ukatsika modabwitsa, funso loyenera n'lakuti tikhala angati. Galimoto yodzaza mopyola imavuta kuimitsa, matayala ake amatentha, ndipo imachedwa pa rodibuloko, pomwe ena amatsitsidwa kuti awoloke wapansi. Ndi bwinonso kuyang'ana nambala ya galimoto. Zololedwa kunyamula anthu olipira zimakhala ndi nambala yofiira, ndipo galimoto ya munthu wamba imene yangoima pa siteji kuti ipezeko ya mafuta ikhoza kukhala yopanda inshuwalansi yoteteza okwera olipira. Ngozi ikachitika, kusiyana kumeneku kumaposa ndalama iliyonse imene inapulumutsidwa.

Kusankha

Wa katundu wambiri wosawonongeka msanga apite ku basi yaikulu, ndipo alawirire kuti akwere yoyamba. Wa chikwama chimodzi amene wachedwa kufika pa siteji aganizire Siyenta, atafunsa kuti mukhala anthu angati. Wa nthawi yoikika imene sangaiphonye agule tikiti ya kochi dzulo lake. Minibasi pa ulendo wautali imakhala pakati pa zonse: siyitsika mtengo ngati basi, siyifulumira ngati Siyenta, ndipo ndiyo imasamutsa anthu kawirikawiri. Mphamvu yake ili pa wokwera kapena wotsikira m'njira, monga wochoka pa Zalewa kupita ku Ntcheu, amene kochi siyimuimira ndipo Siyenta yodzaza imamudutsa.

Kufanizira konseku kumafuna msewu umene uli ndi galimoto zambiri zopikisana. Munthu akachoka pa M1 n'kulowa msewu wafumbi wopita kumudzi, kumene galimoto ndi imodzi pa tsiku kapena kabaza yekha, mtengo amaika ndi mwini galimoto ndipo nthawi yonyamukira ndi yake. Amene ulendo wake ukathera kotero ayambe kuwerengera kuchokera kumapetoko: adziwe ola limene galimoto yomaliza ya kumudzi imachoka pa siteji, kenako asankhe pa msewu waukulu galimoto imene ingamufikitse nthawiyo isanakwane, ngakhale ikhale yodulirapo, chifukwa kuiphonya ndiye kulipira chipinda chogona ndi chakudya cha tsiku lina.